Miyezi 5 ndili ndi keychain ya pa Linux, ndikuipatsa nyenyezi 4 pa 5

Ndimasamalira kompyuta ya bizinesi ina yogula mbewu kuno ku Kasungu, soya ndi mtedza makamaka, tili ndi ofesi pa boma pano ndi malo ena ogulira ku Santhe ndi ku Chamama. Kompyutayo ndi yakale, ili ndi Debian basi yopanda desikitopu, ndipo ntchito yake yaikulu ndi kusunga malekodi a sikelo ndi malipiro kenako madzulo kuwatumiza ku seva ina yomwe timalipira pa mwezi. Kutumizako kumadutsa pa ssh ndipo kiyi wanga ndinamuikira pasifulezi, mawu achinsinsi aja otsegulira kiyi, chifukwa ofesiyo imalowa anthu ambiri ndipo ndinkaopa kuti wina atakopera fayilo ya kiyiyo pa fulashi ndiye walowa mu seva popanda chomuletsa.

Vuto linali loti skiriputi yanga imatumiza mafoda 6 ndi rsync, foda iliyonse payokha, ndiye foda iliyonse kumabwera ichi:

```
Enter passphrase for key '/home/ofesi/.ssh/id_ed25519':
```

Ka 6 madzulo aliwonse, kuphatikiza ma git pull a masana, ndipo pasifulezi yanga ndi yaitali ndithu, ukaphonya chilembo chimodzi uyambenso. Nthawi yogula soya timaweruka mochedwa kale ndiye kukhala pamenepo kudikira foda ithe kuti ulembenso zinkanditopetsa kwambiri. Achimwene ena amene anandiphunzitsa Linux anati ingochotsa pasifuleziyo iwe, koma ine ndinakana pa chifukwa ndanena chija.

Ndinayamba ndi ssh-agent ndi ssh-add zomwe zimabwera kale ndi OpenSSH. ssh-agent ndi kapulogalamu kamene kamakhala kakuyenda kumbuyo, ukalemba ssh-add kamakufunsa pasifulezi kamodzi ndikusunga kiyi wotsegula kale mu memoli, ndiye ssh ikafuna kiyi imangofunsa ejentiyo m'malo mofunsa iwe. Ssh imadziwa komwe ejenti ali kudzera mu SSH_AUTH_SOCK, imene imangosunga njira yopita ku soketi ya ejentiyo. Apa ndi pamene anthu ambiri timagwera. Teminolo imene ilibe SSH_AUTH_SOCK yolondola siimuona ejenti ngakhale akuyenda bwinobwino pa kompyuta yomweyo.

Ndinachita zimene aliyense amachita poyamba:

```
eval "$(ssh-agent -s)"
ssh-add ~/.ssh/id_ed25519
```

Zinagwira bho tsiku limenelo, mafoda 6 anapita osandifunsa kanthu. Mawa lake ndalowanso kuchokera pa laputopu, yayambanso kufunsa. Ndiye ndinatenga mzere woyamba uja ndikuuika mu ~/.bashrc poganiza kuti ndathana nazo, osadziwa kuti mzerewo umayambitsa ejenti watsopano nthawi iliyonse ukatsegula teminolo, ndipo watsopanoyo amabwera chimanjamanja, alibe kiyi. Patatha sabata ndinalemba pgrep -a ssh-agent ndikupeza maejenti 14 akuyenda, ena mwa iwo atasunga kiyi wanga wotsegula koma palibe teminolo imene ikuwadziwa. Zimenezo zinandidetsa nkhawa kuposa kufunsidwa kuja.

Ngati muli pamenepa, chinthu chokuuzani zoona ndi ssh-add -l, ndipo mayankho ake muwadziwe chifukwa amasiyana tanthauzo. Ikati The agent has no identities. ndiye kuti ejenti alipo ndipo mukulankhula naye koma alibe kiyi, mungolemba ssh-add basi. Ikati Could not open a connection to your authentication agent. ndiye kuti teminolo yanu ilibe SSH_AUTH_SOCK nkomwe. Ikati Error connecting to agent: No such file or directory ndiye kuti njira ilipo koma ikuloza soketi yomwe kulibenso, ejentiyo anafa kale, nthawi zambiri chifukwa kompyuta inazima. Komanso muziwerenga bwino chimene mukufunsidwa. Mzere wothera ndi password: ndi pasiwedi ya akaunti ya ku seva, osati ya kiyi, ndipo pamenepo ejenti sangakuthandizeni, vuto ndi loti seva sinalandire kiyi wanu.

Keychain ndinaipeza nditavutika chonchi. Si pulogalamu yaikulu ayi, ndi skiriputi ya shell yomwe anayambitsa a Daniel Robbins aja anayambitsanso Gentoo, ndi yaulere ndipo pa Debian kapena Ubuntu mungolemba sudo apt install keychain, bando yake simungaimve nkomwe. Musaisokoneze ndi Keychain ya pa Mac, dzina ndi lofanana koma ndi zinthu ziwiri zosiyana, ya pa Mac imasunga pasifulezi yeniyeniyo ndipo imayatsidwa ndi UseKeychain yes mu ~/.ssh/config. Iyi ya pa Linux sisunga pasifulezi pena paliponse. Chimene imachita ndi kuyang'ana kaye ngati pali ejenti amene akuyenda kale, akakhalapo imakulumikizani kwa yemweyo, akapanda kukhalapo ndi pomwe imayambitsa wina, kenako imaona ngati kiyi mwatchulayo ali kale mkati ndipo imafunsa pasifulezi pokhapokha ngati mulibe.

Ndinachotsa mzere wa mu ~/.bashrc uja, ndinapha maejenti onse ndi pkill ssh-agent, ndikuika uwu mu ~/.profile:

```
eval "$(keychain --eval --quiet id_ed25519)"
```

Chenjerani pang'ono apa, ngati muli ndi ~/.bash_profile ndiye bash imawerenga imeneyo ndikusiya ~/.profile, choncho mzerewo uikeni m'menemo. Dzina la kiyi mumalemba lokhalo, yokha imakafufuza mu ~/.ssh.

Kuyambira tsiku limenelo ndimalemba pasifulezi kamodzi kompyuta ikangoyaka, basi. Ndituluke, ndilowenso pa laputopu, nditsegule mawindo angapo mu tmux, onse akupeza ejenti mmodzi yemweyo, pgrep ikuonetsa mzere umodzi. Pa ichi chokha ndikanaipatsa 5 yonse.

Koma chimene chinandikoka kwenikweni ndi cron, kapulogalamu koyendetsa ntchito zokha pa nthawi imene mwaika. Keychain imalemba kafayilo mu ~/.keychain/ kokhala ndi dzina la kompyuta kutsogolo ndi -sh kumapeto, mkati mwake muli SSH_AUTH_SOCK ndi SSH_AGENT_PID. Ndiye skiriputi yoyenda yokha usiku ingathe kuwerenga kafayiloko ndikugwiritsa ntchito kiyi amene ndinatsegula m'mawa, ine ndili kunyumba. Mu crontab ndinalemba chonchi:

```
0 22 * * * . $HOME/.keychain/$(hostname)-sh; $HOME/bin/tumiza.sh >> $HOME/tumiza.log 2>&1
```

Ndinagwiritsa $(hostname) osati $HOSTNAME dala, chifukwa cron pa Debian imayendetsa zinthu ndi sh osati bash ndipo kumeneko $HOSTNAME imakhala yopanda kanthu, fayiloyo siipezeka.

Apa ndi pamene ndinalakwitsa ine, ndipo ndikulemba kuti wina asabwereze. Nditawerenga kuti pali --timeout ndinaona kuti ndi nzeru kuti kiyi asamakhale wotsegula mpaka kalekale, ndiye ndinawonjezera --timeout 480. Nambalayo ndi ya maminiti, 480 ndi maola 8, zosiyana ndi ssh-add -t imene ukaipatsa nambala yokha imawerenga masekondi. Ndimalowa cha m'ma 7:30 m'mawa, kutanthauza kuti 15:30 kiyi wachoka mu ejenti, ndipo masiku amene sindinalowenso madzulo cron ikamafika 22:00 imapeza ejenti wopanda kiyi. Cron ilibe munthu woti imufunse, ndiye ssh inkangolephera mwakachetechete. Ndinazindikira patatha masiku 3 abwana atandiimbira kuti bwanji malipiro a ku Santhe sakuoneka kumene amawaonera, ndikutsegula tumiza.log ndinapeza Permission denied (publickey). ka 6 usiku uliwonse. Malekodi sanatayike, anali pa kompyuta ya muofesi, koma masiku 3 amenewo kopi ina kunalibe ndipo hadi disiki yake ndi yakale ija. Ndinachotsa --timeout pa kompyuta imeneyi, ndinaisiya pa laputopu pokha pamene palibe cron. Ndipo pamwamba pa tumiza.sh ndinaika ssh-add -l kuti logi izindiuza ngati kiyi analipo isanayambe kutumiza.

Nyenyezi imodzi ndachotsayo ndi ya magetsi. Kiyi wotsegula amakhala mu memoli, magetsi akathima kompyuta ikazima ndiye wapita, ndipo ikayakanso yokha palibe ejenti mpaka munthu alowe ndikulemba pasifulezi. Kafayilo ka mu ~/.keychain kaja kamakhala kalipobe koma kakuloza soketi yakufa, ndi pamene mumaona Error connecting to agent ija mu logi. Ndikudziwa kuti anaipanga dala choncho ndipo ndi chimene chimateteza kiyi ngati wakuba atanyamula kompyuta yonse, koma kwa ife kuno amene magetsi amatha kuthima nthawi ina iliyonse ndipo batire la UPS yathu silikhalitsa, ndi chinthu choti muchiganizire musanadalire keychain pa bakapu ya usiku. Ine pano magetsi akabwera ndimalowa, ndilembe pasifulezi, ndituluke, mphindi imodzi basi, koma ndikakhala ku Chamama netiweki ikuvuta tsiku limenelo bakapu imadumpha ndithu. Ngati kwanu kulibe munthu wochita zimenezi, bola mupange kiyi wina wapadera wa bakapu yokha wopanda pasifulezi ndikumumanga ku seva mu authorized_keys ndi command= ndi restrict kuti asamathe kuchita china chilichonse. Ndi kumene ndikulowera inenso nyengo yogula ikatha.

China choti mudziwe, kiyi ali mu ejenti aliyense amene walowa mu akaunti yanu kapena ali ndi root pa kompyutayo angathe kumugwiritsa ntchito kulowa ku seva osafunsidwa kanthu. Ndi chifukwa chake akalaliki athu ndinawapangira akaunti yawo yopanda sudo, ndipo ndikamachoka kwa masiku angapo ndimalemba ssh-add -D kuchotsa makiyi onse mu ejenti. Pali --clear imene imachotsa makiyi nthawi iliyonse munthu akalowa kuti ayambe walemba pasifulezi, cron imapitiriza kugwira ntchito bola mwamutsegulanso kiyiyo, koma ine sindinaikonde chifukwa imandibwezera kofunsidwafunsidwa kuja.

Kwa inu amene muli pa Ubuntu ya desikitopu ya GNOME, nthawi zambiri ejenti amakhala alipo kale mukangolowa, yesani ssh-add -l musanaike kalikonse. Mwina chongofunika ndi AddKeysToAgent yes mu ~/.ssh/config, imene inabwera ndi OpenSSH 7.2 mu 2016 ndipo imaika kiyi mu ejenti ulendo woyamba mwamugwiritsa ntchito, kungoti siiyambitsa ejenti yokha. Keychain ndi ya ife a makompyuta opanda desikitopu, a WSL imene ndi Linux ya mkati mwa Windows, ndi amene tili ndi cron yofuna kiyi wokhala ndi pasifulezi. Pa kompyuta ya muofesi ndaisiya momwemo, ndipo ndinaikanso pa laputopu ndi --timeout 480 yake ija.