Matayala amene ndinagula pongoona zithunzi: mmene alili tsopano

"Alamu, matayala anu aja a pa WhatsApp akadalipo? Taonaninso chithunzi cha langali, ndisinthe kapena lidikire?"

Akadalipo alamu, koma limodzi latsala pang'ono kutsika. Paja ndinagula awiri akaunjika, a 175/65 R14, n'kuwaika kutsogolo kwa Vitz mvula ya chaka chatha isanayambe. Kuyambira pamenepo ayenda kwambiri mumsewu wa M1, pakati pa Lilongwe ndi Ntcheu, ndipo maenje sanawasowe.

Chimene chithunzi chinanena zoona ndi zaka za tayala. M'mbali mwa tayala mumakhala mzere woyamba ndi DOT, ndipo manambala anayi omaliza ndi sabata ndi chaka chimene linapangidwa. Langa lina linalembedwa 1821, kutanthauza sabata ya 18 ya 2021, linzake 4118, sabata ya 41 ya 2018. Manambalawa kawirikawiri amakhala mbali imodzi yokha, choncho wogulitsa akakutumizirani mbali yopanda kanthu, muuzeni alitembenuze. La 2018 lija linali ndi timing'alu tonga tsitsi pafupi ndi limu, timene ndinationa nditakulitsa chithunzi. Lero tatalika, tina tafika m'ngalande za pakati pa mano. Ili ndi limene ndikufuna kusintha, ngakhale mano ake akadalipo. Opanga matayala ambiri amati likapitirira zaka 5 liziyang'aniridwa chaka chilichonse, ndipo likafika zaka 10 lichotsedwe ngakhale likuoneka labwino. Dzuwa la kwathu kuno siliyembekeza zaka 10.

Pa kuya kwa mano, chithunzi chimanyenga. Pazithunzi zija matayala onse ankaoneka ngati atsopano, chifukwa anali atatsukidwa ndipo anawajambula chapendeka, mthunzi utadzaza m'ngalande. Atafika ndinawayeza: mamilimita 5, pamene latsopano limakhala ndi pafupifupi 8. Sanali oipa, koma sanali amene maso anaona. Njira imene yandithandiza ndi iyi. M'kati mwa ngalande mumakhala timilatho ta labala todutsa chopingasa, totalika mamilimita 1.6. Kuti mutipeze, funani kachizindikiro ka makona atatu kapena zilembo za TWI paphewa pa tayala, n'kulondola molunjika. Mano akafanana msinkhu ndi kamlathoko, tayala latha. Chithunzi chabwino chizionetsa kamlathoka, chojambulidwa masana popanda fulashi. Mukafuna nambala, lowetsani kamtengo ka machesi m'ngalande, gwirani ndi chikhadabo pamene mano athera, muyeze pa lula. Ine sindidikira 1.6. Mano akatsika pansi pa 3, tayala silikankha bwino madzi, ndipo pamvula galimoto imatenga mtunda kuti iime.

Chimene chithunzi sichinkaonetsa n'komwe ndi phewa la m'kati, loyang'ana ku injini. Tayala la 2021 lija pakati lili pa 3.5 tsopano, koma m'kati linayamba kudyeka msanga, mpaka kufika pa 2.5. Munthu ataimirira pambali pa galimoto sakanadziwa. Ndinaziona nditapinda chiwongolero mpaka kumapeto n'kugwada pansi. Makaniko anapeza kuti alayimenti inachoka, mwina chifukwa cha maenje aja, ndipo ataikonza kudyekako kunachepa. Tayala likamadyeka mbali imodzi, vuto limakhala alayimenti kapena zitsulo za kumiyendo. Likamadyeka mapewa onse awiri, mpweya ukuchepa. Likamatha pakati pokha, mpweya wachuluka.

Tibwere ku lanulo. Mano akuoneka kuti alipo, koma chimene chandidetsa nkhawa ndi kamthunzi kamene kali m'mbali, pamwamba pa zilembo. Pakhoza kukhala pamene nsalu za m'kati zinalumikizana: pamenepo pamaoneka polowa m'kati pang'ono, ndipo sipoopsa. Koma ngati patukuka kunja ngati chithupsa, ndiye kuti ulusi wa m'kati unaduka pamene tayala linagunda dzenje kapena mwala, ndipo mpweya ukukankha labala yekha. Chotupa chotere sachimata, ndipo tayala likhoza kuphulika muli pa liwiro. Pachithunzi chojambulidwa molunjika ziwirizi zimafanana. Yendetsani dzanja pamalopo tayala litazizira, kapena jambulani kuchokera pamwamba kamera ikuyang'ana m'mbali mwa tayala chotsetsereka. Mukamva chotupa, ikani sipeya lero lomwe, musadikire malipiro.

Ngati ndi polowa m'kati chabe, nditumizireni zithunzi zina zitatu: manambala a DOT, kamlatho ka m'ngalande, ndi phewa la m'kati chiwongolero chitapindidwa. Ndipo musaiwale kuona chaka cha sipeyayo musanaidalire.