Silabu pa makande a ku Budiriro, patatha miyezi 20

"Achimwene, ndalama munakwirira pansi zija zabweza? Kanyumba kaja sikanayambe kung'aluka ngati yaikulu ija?" Anandifunsa choncho mlamu wanga wa ku Mufakose.

Zipupa zilipo bwino, alamu, koma khonde landichititsa manyazi, ndipo wolakwa ndine ndemwe.

Malo athu ali kumunsi, kufupi ndi dambo, pa dothi lakuda lamakande lomwe anzathu Achishona amati chidhaka. Dothili likamwa madzi limafufuma, likauma limanyala mpaka kung'ambika ming'alu yolowa chikhatho. Muno mu Harare mvula imagwa kuyambira Novembala mpaka Marichi, kenako miyezi yambiri gwa, ndiye chaka chilichonse nthaka imakwera ndi kutsika. Ikanati izikwera mofanana ponseponse, bwenzi palibe nkhani. Koma pansi pa nyumba chapakati chinyezi chimakhalitsa chifukwa dzuwa silifikapo, pomwe m'mphepete mumauma ndi kunyowa motsatira nyengo. Ngodya zimatsika pakati pali chiimire, ndipo njerwa sizidziwa kupindika.

Nyumba yaikulu ndi umboni. Maziko ake ndi ngalande wamba yosafika theka la mita, konkire yopanda chitsulo. Mng'alu umayambira pakona ya windo n'kutsika ngati masitepe, wotakata kumwamba, wothina pansi. Mu Okutobala mumalowa pensulo, pofika Febuluwale watsekeka wokha. Ndinaumata katatu ndisanamvetse kuti simenti ya pakhoma siletsa nthaka kupuma.

Pomanga kanyumba kakumbuyo, ka mamita 6 kwa 7, ndinayamba ndaitana injiniya. Anakumbitsa dzenje n'kupeza kuti makande akupitirira mita imodzi. Tinachotsa masentimita 60 apamwamba, n'kuthira girevulo pang'onopang'ono, masentimita 15 nthawi imodzi, kuwaza madzi ndi kutsendera ndi makina. Pamwamba pulasitiki. Kenako mipanda ya konkire yozama masentimita 60 kuzungulira nyumba, ina iwiri yopingasana pakati, yonse yokhala ndi zitsulo pamwamba ndi pansi, ndipo tinaithira tsiku limodzi ndi silabu kuti zikhale chinthu chimodzi. Cholinga si kugonjetsa dothi ayi. Nthaka ikatsika pangodya, silabuyo imakhala youma msana moti imanyamula ngodyayo osapindika kwambiri. M'zipupa tinkayala waya mzere wachitatu uliwonse wa njerwa. Simenti ndi zitsulo zinandidyera pafupifupi kuwirikiza zomwe mmisiri anawerengera pa maziko wamba, ndipo mayi a kunyumba anakhala sabata osandiseka.

Tinalowamo mu Okutobala 2023, ndipo nyengo inatiyesa bwino: chilala cha 2024 chinaumitsa nthaka kotheratu, dzinja lotsatira mvula n'kubwera yokwanira. M'zipupa zonse ndapezamo timizere tiwiri tokha ta papulasitala, tosalowa ngakhale chikhadabo. Ndinatilemba malire ndi pensulo pamodzi ndi tsiku, ndipo sitinapitirire. Mng'alu wotere sundisowetsa tulo. Woopsa ndi wopitirira mamilimita 5, wooneka mkati ndi kunja komwe, kapena womwe ukukulirakulira osabwerera.

Tsono khonde. Ndinaliwonjezera pambuyo pake, injiniya osamuuza, pa kangalande kosazama, n'kulilumikiza ndi chipupa. Khondelo ndi lopepuka, ndiye mvula itabwera linakwera lokha nyumba ili phee, mzati umodzi n'kupendekeka, ndipo polumikizira panatseguka mpata wolowa chala. Likanayenera kukhala pa silabu yomweyo, apo ayi kulisiyira mpata wadala wotsekedwa ndi zofewa kuti liziyenda palokha.

Chinanso chinali chitseko cha kubafa, chomwe chinayamba kukhula pansi mu Ogasiti 2024, mvula kulibe. Chimenecho ndicho chinandidabwitsa. Titakumba tinapeza paipi yotaya madzi yasweka pomwe imatuluka mu konkire, ikunyowetsa ngodya imodzi yokha pomwe kwina konse kuli kouma. Titakonza, tinaikulunga kuti izikhala ndi poseweera, ndipo patapita miyezi ingapo chitseko chinamasuka.

Konkire ya mita imodzi ndi theka yozungulira nyumba, yotsetserekera kunja, yagwira ntchito kuposa mtengo wake. Kungoti imasiyana ndi chipupa nyengo yadzuwa, ndiye mpatawo ndimautseka ndi phula mvula isanayambe, kuti madzi a padenga asalowere m'maziko. Maluwa a m'mphepete mwa khoma tinazula, ndipo mango omwe ana anadzala mamita atatu kuchokera pawindo ndinawasamutsa akadali aang'ono, chifukwa mtengo pa makande umayamwa chinyezi mbali imodzi, ndipo uyenera kutalikira nyumba mofanana ndi msinkhu womwe udzafike.

Inu alamu, malo anu aja ndi a dothi lofiira, mwina simufunika zonsezi. Kumbitsani kaye dzenje. Ine khonde ndiligwetsa mwezi wamawa.