PDF ya zilembo zophatikizidwa ndi ya zosaphatikizidwa

Mapidiefu awiri a chikalata chimodzi amatuluka mosiyana mukawatsegula mu Word. Woyamba, zilembo zake, zomwe amati fonts, sizinaphatikizidwe m'fayiloyo: kompyuta ya kushopu yosindikiza muno mu Harare imabwereka zina, mizere imasokonekera, koma mawu nthawi zambiri amawerengeka.

Wachiwiri, zinaphatikizidwa zogwiritsidwa ntchito zokha, Embedded Subset. Amaoneka bwino, komatu mkati muli manambala a zithunzi za zilembo. Pakasowa tebulo la ToUnicode lomasulira manambalawo, Word amangolota, ŵ wa Malaŵi n'kusanduka kabokosi. Ameneyu ndiye wovuta.

Mu Acrobat, pulogalamu yotsegulira PDF, dinani Ctrl+D, muone pa Fonts ngati palembedwa Embedded Subset. Kenako koperani mzere umodzi mu Notepad. Ukatuluka zizindikiro, musavutike kusintha zilembo mu Word, manambalawo ngolakwika kale. Pemphani fayilo yoyambirira, apo ayi dutsitsani tsambalo mu OCR, pulogalamu yowerenga mawu pa chithunzi cha tsamba.