Banki nkhonde kapena SACCO: mufufuze chiyani musanasunge ndalama?

Ku banki nkhonde chitetezo chenicheni ndi maso a mamembala. Funsani ngati ndalama zimawerengedwa pamaso pa onse komanso ngati makiyi atatu a bokosi amasungidwa ndi anthu atatu osiyana. Ngati msungichuma amabwereketsa ndalama kunyumba kwake msonkhano utatha, musalowemo. Funsaninso za kugawana kwa chaka chatha. Gulu likasonkha K600,000 koma mmodzi n'kutenga ngongole ya K400,000, iyeyo akathawa nonse mwalira.

SACCO, yomwe ndi kopaletivu yosunga ndi kubwereketsa ndalama kwa mamembala ake, ndi yosiyana chifukwa imayang'aniridwa ndi Reserve Bank of Malawi. Pemphani kuona chiphaso chake ndi lipoti la owerengera ndalama. Koma masheya anu simungawatenge msanga.

Ine ndalama zambiri ndingaziike ku SACCO yachiphaso, zochepa ku banki nkhonde.