Mkonzi anandisanjira ndakatulo 43 n'kukhala kabuku: nyenyezi zinayi mwa zisanu

Ndinali ndi ndakatulo 43 zimene ndinalemba m'zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo ndinali nditazisanja motsatira tsiku limene ndinalemba iliyonse. Ndinkaona ngati basi buku latha. Ndinalipira mkonzi wina woti andithandize pa kasanjidwe kokha, osati kukonza mawu, ndipo ntchitoyi inatitengera milungu isanu ndi umodzi.

Chinthu choyamba anandiuza kuti ndisindikize ndakatulo iliyonse papepala lakelake, ndiyale mapepala onse pansi, ndiziyendamo ndi zolembera za mitundu itatu. Paliponse pamene chinthu chabwereza kutchulidwa ndizichizunguliza. Ndinaseka, koma nditamaliza ndinachita manyazi. Ine ndinkauza anthu kuti ndimalemba za chikondi, pomwe mapepala anaonetsa kuti mawu oti chitseko ali m'ndakatulo 11, madzi m'ndakatulo 9, ndipo manja a malemu bambo anga ali m'ndakatulo 7. Chikondi chija chinangopezekamo mwa apo ndi apo.

Apa ndi pamene ndalama yanga inagwira ntchito. Mkonziyu sanaunjike ndakatulo za chitseko malo amodzi monga mmene ine ndikanachitira. Anati: "Mukaziika pamodzi, wowerenga akafika yachitatu amakhala atadziwa kale zimene yachinayi inene." M'malo mwake anazimwaza m'buku lonse motsata mmene chitsekocho chikusinthira. M'ndakatulo yachiwiri chitseko n'chotseka ndipo mwana ali panja. Cha pakati, pa nambala 16, n'chotsekuka pang'ono ndipo mkati muli wodwala. Pa nambala 31 wolankhula m'ndakatulo ndiye ali mkati, akutsegulira mwana wake. Zitatuzi ndinazilemba m'zaka zosiyana, ndipo ya pa nambala 31 ndi imene ndinayamba kulemba. Ndikanaumirira madeti, nkhani imeneyi sikanaoneka n'komwe.

Anandionetsanso kayesedwe ka ndakatulo zoyandikana: kuwerenga mokweza mzere womaliza wa iyi, kenako mutu ndi mzere woyamba wa yotsatira. Ngati zikumveka ngati kubwereza, kapena ngati wina wakudula mawu m'kamwa, ndiye kuti siziyenera kugundana. Ina inkathera pa mvula ikugwa padenga, yotsatira n'kuyambanso ndi mvula, ndiye tinalowetsa pakati pake kandakatulo ka mizere isanu ndi umodzi konena za chilala. Zazitali sanalole kuti zitsatane zoposa ziwiri.

Kuchotsa ndiye kunawawa. Ndakatulo 9 zinatuluka, n'kutsala 34 m'magawo atatu: 12, 11 ndi 11. Zitatu mwa zochotsedwazo zinali za maliro a bambo, ndipo ndivomereze, zinkanena zomwe ina yabwino kuposa izo inali itanena kale. Ina inali yokoma ndithu, anthu amaikonda ndikamalakatula, koma inalibe m'bale wake m'bukumo. Ndaisunga.

Za masamba anafotokoza mwachidule koma zinandipulumutsa. Kabuku kopinda pakati kamafuna masamba ogawika ndi 4, chifukwa pepala limodzi likapindidwa limapereka masamba anayi. Kanga kanafika pa 46, tinakakwanitsa 48. Ndakatulo zisanu zotenga masamba awiri anaonetsetsa kuti zikuyambira tsamba la kumanzere, kuti munthu asatembenuze pepala ali pakati pa ndime.

Nyenyezi imodzi ndaichotsa pa zifukwa ziwiri. M'ndandanda woyamba umene ananditumizira unali ndi ndakatulo zamphamvu zonse m'gawo loyamba. Akuti n'cholinga chokopa wowerenga, koma nditawerenga buku lonse mokweza nthawi imodzi, ndinadzipeza ndikuthamangira kumaliza gawo lachiwiri, ine mwini wake! Ndinachita kupempha kuti ziwiri zisamukire pakati, ndipo yankho linabwera patatha masiku khumi. Chachiwiri, ankafunitsitsa kuti buku lithere pa ndakatulo ya chiyembekezo, ya mbandakucha. Ineyo ndinaona kuti ikutonthoza wowerenga pa zinthu zimene bukulo silinathetse. Tinakangana mwaulemu maulendo atatu, mpaka ndinasiya kumapeto ndakatulo ya manja a bambo akumanga chingwe cha nsapato yanga. Iye anavomera, ngakhale sindikhulupirira kuti anakhutira.

Amene ndakatulo zawo sizinapse, ntchito iyi siwathandiza, chifukwa mkonziyu sakhudza mzere ngakhale umodzi. Mnzanga wina anayembekezera zimenezo ndipo anakhumudwa. Koma ngati muli ndi ndakatulo 30 kapena 40 zimene mwazimaliza ndipo mukungozisuntha uku ndi uku osadziwa yoyamba ikhale iti, pitani naye. Ingokumbukirani kuwerenga m'ndandanda wake mokweza kuyambira koyamba mpaka kumapeto musanavomere, makamaka gawo la pakati.