Laputopu, UPS kapena inveta: chimene chingakutetezeni magetsi akazima mukuika Linux

Kompyuta yapatebulo imapirira nthawi yochepa zedi magetsi akaduka. Kabokosi kamagetsi kam'kati mwake kamasunga mphamvu yokwana pafupifupi mamilisekondi 16, nthawi yosafika ndi kuphethira komwe, kenaka makina azima. Choncho posankha chotetezera ntchito yoika Linux, monga Ubuntu kapena Debian, pali mafunso awiri: chipangizocho chimalandira ntchito mofulumira bwanji magetsi akaduka, ndipo chikalandira chimaigwira kwa mphindi zingati?

Ndiyambe ndi ziwiri zimene ambiri amazidalira pachabe. Ekisitenshoni yoteteza ku magetsi obwera mwamphamvu ndi yabwino, koma ilibe batire, magetsi akapita nayonso yapita. Jenereta nayo imafuna masekondi angapo kuti ilire, ndipo ikamadzalira kompyuta imakhala itazima kale. Imathandiza pokhapokha pakati pa iyo ndi kompyuta pali batire.

Laputopu ndiyo imapambana pa funso loyamba, chifukwa batire lili m'kati momwemo ndipo palibe mpata uliwonse wodukiza. Vuto ndi batire lokalamba, limene limaonetsa kuti ladzaza koma n'kugwa pa mphindi 20. Musanayambe, lifunseni lokha. Mu Command Prompt ya Windows lembani `powercfg /batteryreport`, tsegulani fayilo ya lipoti imene yapangidwa ndi kuyerekeza `Design Capacity` ndi `Full Charge Capacity`. Nambala yachiwiriyo ikakhala yosafika theka la yoyambayo, musalikhulupirire batirelo pa ntchito yaitali. Likakhala lathanzi, laputopu yodzaza imamaliza kuika dongosolo lonse popanda kuthandizidwa ndi china chilichonse.

Kwa kompyuta yapatebulo, UPS, kabokosi ka batire koikidwa pakati pa swichi yapakhoma ndi kompyuta, ndiyo bwenzi loyamba. Yotsika mtengo imasinthira ku batire m'mamilisekondi osapitirira 10, ndiye funso loyamba yalikhoza. Lachiwiri ndi limene limapusitsa anthu. Taonani UPS yaing'ono yolembedwa 650VA. Nambala imeneyo sikunena za nthawi, ikunena za kulemera kwa katundu amene inganyamule, ndipo m'mawati ndi pafupifupi 360 okha. Nthawi ili m'batire, limene kawirikawiri limakhala limodzi la 12V 7Ah. Mukachulukitsa mupeza 84Wh, ndipo papepala kompyuta ndi sikirini zodya mawati 120 zikanayenda mphindi zoposa 40. Koma batire la mtundu umenewu likamakokedwa mwamphamvu limapereka zochepa kwambiri, kuonjezapo zotayika posintha magetsiwo, moti mukapeza mphindi 15 ndiye kuti likadali latsopano. Likatha zaka zitatu kapena zisanu limakhala lotheratu, ngakhale kagetsi kakutsogolo kakuoneka kobiriwira.

Mphindi 15 zingakwane kuika dongosolo latsopano pa disiki ya SSD, koma sizingakwane kukweza Ubuntu kuchoka pa mtundu wina kupita pa wina, ntchito imene imatha kudya ola lathunthu. Apa ndi pamene inveta yokhala ndi batire lalikulu imaposa UPS, chifukwa imapereka maola. Koma si inveta iliyonse imene imasintha msanga. Ina imachedwa pang'ono chabe, babu osaphethira n'komwe, koma kompyuta n'kuyambiranso. Ngati yanu ili ndi poisankhira kuti izigwira ngati UPS, ikani pamenepo. Ine sindikhulupirira zolembedwa pabokosi, kaya la UPS kaya la inveta. Ndimayatsa kompyuta, palibe ntchito yofunika imene yatsegulidwa, ndikuzimitsa swichi yapakhoma, ndikuyang'ana wotchi mpaka chipangizocho chiyambe kulira motsatizana. Mphindi zimene ndawerengazo ndizo zanga zenizeni.

Kanthu kamodzi kamaiwalika nthawi zonse: rauta. Laputopu ikhoza kukhala moyo koma intaneti itafa, pulogalamu yoikira n'kuima ikudikira mafayilo. Kulumikiza rauta ku UPS kumathandiza, koma chabwino koposa n'kukana kutsitsa zatsopano pa nthawi yoika, muzitsitse mukamaliza. Ntchito ikafupika, ngozi nayo imachepa.

Tsono tinene kuti zakanika, magetsi azima pakati. Chochita chimadalira pamene ntchito inafika.

Ngati munkaika dongosolo latsopano pa disiki yopanda kanthu, palibe chimene mwataya. Musavutike n'kukonza. Yatsaninso kuchokera pa fulashi yoikira Linux, fufutani chigawo chimene chinalembedwa theka, muyambirenso. Ngakhale kompyutayo itayaka ngati kuti zonse zinatha, musaikhulupirire, chifukwa simudziwa chimene chinatsala.

Kukweza dongosolo limene lili ndi mafayilo anu ndi nkhani ina, ndipo pano kukonza n'kwabwino kuposa kuyambiranso. Zinandichitikira tsiku lina ndikukweza mapulogalamu pa kompyuta yapatebulo, UPS yake ili ndi batire limene ndinali ndisanaliyese kwa nthawi yaitali. Inalira kawiri n'kuzima. Magetsi atabwera, sikirini inangokhala bii, chifukwa kenelo yatsopano, mtima wa Linux, inali itaikidwa theka. Ndinayatsanso, pa GRUB, mndandanda umene umaoneka Linux isanayambe, ndinasankha `Advanced options for Ubuntu`, kenaka kenelo yakale yapamndandanda, ndipo makina anayaka. Nditayesa `apt`, lamulo loikira mapulogalamu, inandiuza kuti `dpkg was interrupted`, ndipo mankhwala ake ndi awa, motsatana chonchi:

```
sudo dpkg --configure -a
sudo apt -f install
sudo apt update
sudo apt full-upgrade
```

Lamulo loyambalo limamaliza kukhazikitsa mapulogalamu amene anatsegulidwa koma osakonzedwa, lachiwiri limabweretsa zimene mapulogalamuwo akusowa, awiri otsalawo amapitiriza kukweza kuja. Chifukwa chimene zimenezi zimathekera n'chakuti `dpkg` imalemba pamene yafika pa pulogalamu iliyonse. Nayo ext4, njira imene Linux imasanjira mafayilo pa disiki, ili ndi kaundula amene amabwezeretsa dongosolo la disiki poyaka, ngakhale sangamalizitse fayilo imene inali pakati polembedwa. Makina akakufikitsani pa mzere wolembedwa `(initramfs)` n'kudandaula za disiki, lembani `fsck -y` motsatidwa ndi dzina la chigawo chimene chatchulidwa pa sikirinipo, monga `/dev/sda2`, kenaka muyatsenso.

Pali magawo awiri amene lamulo lililonse silingakupulumutseni mosavuta, ndipo ndi amene amandidetsa nkhawa. Loyamba ndi kuchepetsa kapena kusuntha chigawo cha disiki, monga pofuna kupezera Linux malo pambali pa Windows. Pa nthawi imeneyo mafayilo amakhala ali paulendo, ena afika kumalo atsopano, ena akadali kwakale, ndipo magetsi akaduka chigawo chonsecho chikhoza kusawerengeka. Kusuntha kumachedwa kwambiri kuposa kuchepetsa, kumatha maola pa disiki yaikulu, choncho UPS yaing'ono ija pano ilibe ntchito. Koperani mafayilo anu pa disiki ina, muichotse pa kompyuta, ndiye muyambe. Zikaonongeka mulibe kope, musalembepo chilichonse pa disikiyo musanayese TestDisk, pulogalamu yobwezeretsa zigawo zotayika, kuchokera pa fulashi.

Lachiwiri ndi kukweza BIOS, pulogalamu ya m'kati mwa makina imene imadzutsa kompyuta. Ntchitoyi ndi ya mphindi zochepa chabe, koma ikadukizidwa kompyuta ikhoza osayakanso konse, ndi fulashi yomwe osaiona. N'chifukwa chake malaputopu ambiri amakana kuiyamba ngati chaja sichinalumikizidwe kapena batire lili lotsika. Pa ntchito yaifupi ngati imeneyi UPS yoyesedwa ndi yokwanira, ndipo ndingaisankhe kuposa inveta imene sindinaiyese. Makompyuta ena ali ndi BIOS yachiwiri kapena batani lobwezeretsera kuchokera pa fulashi, ndiye onani m'buku la makina anu ngati njirayo ilipo musanadine batani loyambira.