K9,999 kapena K10,000: tambale wa phwetekere pa Limbe ndi mtengo wa m'sitolo

M'masitolo a pa Chichiri mudzaona botolo la mafuta ophikira litalembedwa K9,999. Kusiyana kwake ndi K10,000 ndi kwacha imodzi yokha, yomwe ngakhale wapatilu sangakubwezereni. Komabe njirayi imagwira, chifukwa diso limawerenga kuchokera kumanzere. Laona 9 koyamba, mutu walemba kale kuti "ndi nayini sauzande ndi kakuti", manambala otsalawo osawalabadira. Mphamvu yake ili pamene nambala yoyamba yasintha. Kuchoka pa K9,600 kufika pa K9,599 n'kungodzivuta, 9 uja sanasunthe.

Mumsika wa Limbe njirayi siingayende. Kumeneko mtengo umatchulidwa pakamwa, ndipo ndalama imatuluka m'mpango. Mayi wogulitsa tambale wa phwetekere akati K9,999, wogula angodabwa, chenji naye asowe.

Mayiyo ali ndi chida chake china. Amayamba ndi "K12,000, achimwene", akudziwa kuti pa K10,000 phindu lilipo. Nambala yoyamba ija imakhazikika m'mutu mwa wogula, moti akanenerera n'kufika pa K10,000 amachoka akumva kuti wapulumutsa K2,000. Akawonjezeredwa basela wa maphwetekere atatu, mawa abweranso.

Ine ndimaona kuti njira ya mayiyu ndi yamphamvu kuposa ya K9,999 ya m'sitolo ija, koma ili ndi malire. Akayambira pa K20,000, wogula sanenerera n'komwe, amangopita pa benchi lotsatira. Ndipo kasitomala amene anagula dzulo pa K10,000 musamuyambitsenso pa K12,000, mudzamutaya.